Tsiku Limene Makina Anadula Kawiri

Sitolo yanga ili ku Old Town, mumzere wa ogulitsa zomangira. Ndimagulitsa penti, misomali, mapaipi, maloko, ndi simenti ikapezeka. Ndinayamba ndi tebulo limodzi pakhonde la eni ake. Sukulu ndinalekezera Sitandade 6, koma palibe anandiberapo pa masamu.

Tsidya lina la msewu, moyang'anana ndi khomo langa, kuli sitolo ya munthu wa kwathu ku Mitundu. Ndi wamng'ono kwa ine. Atabwera m'tauni ndi chikwama chimodzi anagona pabalaza panga miyezi itatu, ndipo ndine ndinamuonetsa kokapikula katundu. Iye anafika Fomu 2. Fomu 2 yakeyo amaiyendetsa ngati galimoto. Atatsegula sitolo yake anasankha kutsidya kwenikweniko, kuti ndikangokweza mutu ndizimuona. Amanditcha akulu. Ine ndimangoti wa kutsidya.

Makina olipirira ndi khadi anayamba ndi iye. Anamata chizindikiro pagalasi la chitseko, ndipo anthu a magalimoto ochokera ku City Centre ndi ku ma Area anayamba kuima mbali yake. Ine ndinakana kwa nthawi yaitali. Ndinkati ndalama ndi imene waigwira. Mkazi wanga, amene amakhala pa kauntala kuyambira kale, ndiye anandikakamiza. A ku banki anabwera nawo makinawo, anationetsa mofulumira, anasiya mipukutu iwiri ya mapepala a malisiti, n'kumapita. Ndinagwira zitatu: kulemba ndalama, kulowetsa khadi, kupatsa wogula kuti alembe nambala yake yachinsinsi. Zina zonse ndinati n'zachibwana.

Ndinali ndi kasitomala mmodzi amene sindinkafuna kuti munthu amuyandikire. Bwana a ku Area 12. Kwawo ndi kumpoto, anagwira ntchito m'boma mpaka kupuma, ndi mkulu wa mpingo. Anayamba kugula kwa ine akumanga mpanda wa nyumba yawo, tsitsi lawo lisanayere. Denga lawo, mageti awo, mapaipi a m'dimba lawo la maluwa, zonse zinatuluka pakhomo langa. Akabwera ankaimika galimoto mbali yanga, n'kukhala pampando wanga, n'kufunsa za ana. Wa kutsidya ankatuluka pakhonde pake kudzapukuta galasi loyera kale. Ndinkamuona. Zinkandikoma.

Linali Lachisanu la kumapeto kwa mwezi, masana. Bwana anabwera kudzagula zitini zisanu ndi chimodzi za penti, zazikulu, ndi maburashi. Mwana wawo wamkazi ankakwatiwa, ndiye ankafuna nyumba iwale alendo asanafike.

"Madala, lero ndilibe ya m'manja," anatero. "Makina anu aja ali moyo?"

"Ali moyo, bwana. Kuno zonse zili moyo."

Ndinalemba ndalama, ndinalowetsa khadi, iwo analemba nambala yawo. Makina anayamba kuzunguza kachizindikiro kake. Tinadikira. Mkazi wanga ananyamula makinawo n'kuwayandikiza pawindo. Anazunguzabe. Kenaka analira kamodzi n'kutulutsa kapepala kafupi, ka mizere yochepa. Chingerezi changa n'chochepa, koma liwu lovomereza lija ndimalidziwa maonekedwe ake, ndipo panalibe.

"Zakana," ndinatero. "Netiweki."

Ndinakafinya kapepalako n'kukaponya pansi. Ine pa kauntala panga pali msomali wautali wokhomera pathabwa, pamene ndimabaya malisiti. Pamsomali paja pamapita mapepala abwino okhaokha. Pepala lolakwika sindinasungepo chiyambire. Ndinkaona ngati kusunga manyazi.

Tinabwereza. Ulendo uno sizinachedwe. Panatuluka lisiti lalitali, liwu lija lili pamenepo, manambala ali m'munsi. Ndinang'amba lawo ndi kuwapatsa, langa ndinabaya pamsomali. Tinayamba kunyamulira penti ku galimoto.

Foni ya bwana inalira m'thumba. Isanathe mphindi inaliranso.

Anaitulutsa, anavala magalasi, anawerenga. Kenaka ananditembenuzira foniyo.

"Madala, tawonani. Adula kawiri."

Mauthenga awiri a ku banki yawo, ndalama zofanana, dzina la sitolo yanga pa onse awiri. Dzina la sitolo yanga. M'sitolo munali anthu ena atatu, ndipo onse anasiya zimene ankayang'ana.

"Ine ndalandira kamodzi," ndinatero.

"Sindikukutsutsani. Koma zachoka kawiri."

Sindinamuone akuwoloka. Ndinangomva mawu ake kumbuyo kwa bwana. Wa kutsidya, cholembera chili kukhutu, akumwetulira ngati waitanidwa.

"Pepani akulu, ndamva ndili pakhonde. Bwana, muli bwanji? Zimenezi zimachitika, makamaka kumapeto kwa mwezi. Musade nkhawa."

"Wakuitana ndani?" ndinamufunsa.

"Palibe, akulu. Koma ndimvereni pang'ono." Analankhula akuyang'ana bwana, osati ine. "Ulendo woyamba makina anatumiza pempho ku banki yanu. Banki inavomera n'kuchotsa ndalama, n'kukutumizirani uthenga. Koma yankho silinabwerere kuno m'nthawi yake, ndiye makina anatopa kudikira n'kulemba kuti zalephera. Zikatero makina amatumiza mawu oti zija zifafanizidwe. Kawirikawiri ndalama zimabwerera zokha, mwina lero lomwe, mwina pakapita masiku. Ndipo pobwerera si nthawi zonse foni imalira. Uthenga wa pafoni umangonena za mphindi imeneyo. Choona chimaoneka pa sitetimenti ya ku banki."

Bwana anavula magalasi n'kumuyang'ana bwinobwino, koyamba pa zaka zonsezi.

"Ndiye ndichite chiyani?"

"Choyamba, akuluwa atulutse m'makinamo mndandanda wa malonda a lero. Uonetsa ngati alandira kamodzi kapena kawiri. Chachiwiri, sungani mapepala onse awiri, lovomera ndi lolephera. Lolephera lili kuti, akulu?"

Linali pansi, pafupi ndi phazi langa.

"Chachitatu, muone akaunti yanu madzulo ano ndi mawa. Zikapanda kubwerera mupite ku banki yanu, mukadzaze fomu. Ndi banki yanu imene ingazilondole. Koma akulu," apa ndiye ananditembenukira, "musabweze ya m'manja. Zikadzabwerera zokha mudzakhala mwalipira penti wanu yemwe."

Bwana anagwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Akunena zomveka achimwenewa," anatero.

Mawu amenewa ndi amene anandiwononga. Akanakhala kuti anandinena wakuba, ndikanadziwa choyankha. Koma anaima m'sitolo mwanga, pafupi ndi mpando wanga, akugwedezera mutu munthu amene ndinamuphunzitsa kusiyanitsa msomali wa malata ndi wa mapulanga. Ndipo mndandanda umene ankanenawo sindinkadziwa potulutsira pake. Kuti uoneke, ndikanayenera kumupatsa makina anga m'manja, anthu akuona.

Ndinatsegula dilowa ya ndalama.

"Bambo," anatero mkazi wanga chapansipansi.

"Khalani chete, mayi."

Ndinawerenga mtengo wonse wa penti ndi maburashi, pa kauntala, poyera, kuti aliyense aone. Zinaperewera pang'ono, ndinaonjezera za m'thumba langa.

"Bwana, ine pano sindituma munthu kukadzaza mafomu. Mwagula kwa ine zaka zonsezi popanda fomu. Tengani."

"Ayi madala, tiyeni tidikire kaye monga akunenera..."

"Akunenawo ali ndi sitolo yawo. Ino ndi yanga. Tengani."

Anatenga chifukwa cha ulemu. Anapinda ndalamazo mosasangalala, ngati munthu wopatsidwa mwana wa eni kuti amugwirire. Wa kutsidya anakweza mapewa.

"Mwachita zachikulu, akulu," anatero, n'kuwoloka.

Ndinkaganiza kuti ndapambana. Ndinaima pakhomo mpaka galimoto inakhota.

Potseka sitolo mkazi wanga anadina batani limene ankadina tsiku lililonse, lotsekera malonda a tsikulo. Panatuluka chiwerengero cha zonse pamodzi. Anachiyerekeza ndi malisiti a pamsomali. Zinafanana ndendende. Penti wa bwana anali m'menemo kamodzi.

"Ndiye kuti ndalama zachiwiri zija sizili kwa ife," anatero.

"Zifika mawa."

"Zifika kuchokera kuti, bambo? Makina akuti analandira kamodzi. Inu mwabweza kamodzi. Penti wapita. Ndiwerengereni, paja masamu ndi anu."

Ndinapita kukatseka mawindo.

Loweruka m'mawa ndinapita kukapikula mapaipi. Pobwera ndinapeza pa kauntala pepala lalitali, malonda aliwonse pamzere wakewake, nthawi yake, ndalama zake, manambala omalizira a khadi.

"Ichi mwachitulutsa bwanji?"

"Ndafunsa."

"Mwafunsa ndani?"

Anapitiriza kupukuta sikelo.

"Mwawoloka msewu?"

"Ndawoloka. Msewu suluma."

"Ndi makina anga m'manja?"

"Makina ndinasiya pano. Ndinangopita ndi mutu wanga. Andionetsa podina, ndabwera ndadina. Malonda a dzulo anali atatsekedwa kale, ndiye awa ndi a lero. Koma kuyambira lero tizitulutsa tisanatseke."

Tsiku limenelo chakudya cha masana ndinadya ndekha kuseri. Ndinkawaona m'maganizo, mkazi wanga ataweramira pa kauntala ya munthu uja, iye akuloza ndi cholembera chake, akufotokoza mofatsa ngati mphunzitsi. Mwina anaseka. Sindinafunse.

Lolemba ndinavala jekete n'kukwera minibasi ya ku City Centre. Ku banki yanga ndinakhala pamzere mpaka miyendo inauma. Anandilozera kwa mayi wina woona za makina a m'masitolo. Ndinamuikira lisiti pa tebulo. Anayang'ana pa kompyuta, n'kutembenuza kuti nane ndione.

"Abambo, za Lachisanu zalowa mu akaunti yanu. Izi apa. Malonda amenewa alowa kamodzi. Loyamba lija kwa ife silinamalizike, ndiye simudzalandira kanthu pa ilo."

"Nanga ndalama za bwana zili kuti?"

"Zimenezo zikudziwika ku banki yawo. Mwina zabwerera kale. Ine akaunti yawo sindingaione, ndipo ngakhale ndikanaiona sindikanakuuzani. Eni khadi ndiwo afunse. Atenge sitetimenti ya masiku amenewa. Ngati pali kuchotsa kuwiri popanda kubweza, adzaze fomu kumeneko, alembe tsiku, nthawi, ndalama ndi dzina la sitolo. Kapepala kolephera kaja muli nako? Kamathandiza kulondola msanga."

"Ndinataya."

"Musamataye, abambo. Ndipo ulendo wina makina akachedwa chonchi, musafulumire kubwereza. Muyambe mwaona m'makinamo ngati malonda omaliza analowa. Simunawabwezere ya m'manja, eti?"

Ndinayang'ana kukhoma.

"Mwabweza," anatero. "Ndiye zatsalira pa chilungamo chawo."

Zonse zimene ananena mayiyo, wa kutsidya anali atazinena kale, mwaulere, m'sitolo mwanga. Ndinalipira minibasi kupita ndi kubwera kuti ndikamve mawu ake omwewo pakamwa pa munthu wina. Komabe pakamwa pa munthu wina ndinawamva bwino.

Nambala ya bwana ndinali nayo. Mkazi wanga ankandikumbutsa m'mawa uliwonse. Koma ndikanayamba bwanji? Munthu unamuumiriza ndalama pamaso pa anthu, lero uziti bwana taonani ngati zabwerera, mundibwezere? Ndinati adzabwera okha. Za ndalamazo sindinkakayika. Chimene chinkandidya n'chakuti akadzabwera adzaima mbali iti.

Mlungu unatha. Wachiwiri uli pakati, ndinaona galimoto ija ikubwera pang'onopang'ono. Ndinakonza mpando. Inadutsa khomo langa, inatembenuka, n'kuima kutsidya.

Bwana anatuluka ndi envelopu ya khaki n'kulowa m'sitolo ya kutsidya. Pagalasi lake loyera lija zonse zinkaoneka. Anayala pepala pa kauntala. Mitu iwiri inagundana. Cholembera chinachoka kukhutu n'kuyamba kuyenda pamizere. Kenaka bwana anaseka, n'kumugwira dzanja ndi manja awiri. Ine zaka zonsezi ankandipatsa dzanja limodzi.

"Musaime pakhomo chomwecho, bambo," anatero mkazi wanga. "Mukuoneka."

"Ndikuona nyengo."

Patapita nthawi bwana anawoloka wapansi. Anandipatsa moni monga mwa masiku onse, anafunsa za ana, koma pampando sanakhale. Anayala pepala lomwe lija pa kauntala yanga. Linali sitetimenti ya ku banki yawo, yodindidwa.

"Madala, nkhani yathu yatha. Onani apa." Analoza mizere itatu imene inali itachongedwa kale ndi cholembera chimene ndinkachidziwa. "Uwu ndi ulendo woyamba, zinachoka. Uwu ndi wachiwiri, zinachoka, ndiwo unafika kwa inu. Nambala yake ndi yomweyi ili pa lisiti limene munandipatsa. Uwu wachitatu ndi kubweza. Taonani nambala yake, ikufanana ndi ya mzere woyamba. Ndiye kuti zimene zinachokadi n'kukhazikika ndi kamodzi basi."

Ndinayendetsa chala pa manambalawo, limodzilimodzi. Ankafanana. Manambala ndimawerenga bwino kuposa munthu aliyense mumzere uno.

"Zinabwerera zokha?" ndinafunsa.

"Ayi, zanga zinakakamira. Ndinadikira mpaka Lachiwiri, osaona kanthu. Ndiye ndinaimbira achimwene a kutsidyawa, nambala yawo ili pachikwangwani. Anati ndikadzaze fomu. Kapepala kolephera kaja ndiko kanafulumizitsa, tsiku ndi nthawi zinali pomwepo. Muwathokoze amayiwa."

Ndinatembenuka. Mkazi wanga ankasanja maloko amene anali osanjika kale.

"Ndinakatola Lachisanu lomwe lija," anatero osandiyang'ana. "Ndinakawongola ndi chitsulo cha sikelo. Atafunsa a kutsidya ndinawapatsa, iwo anapatsa bwana."

Ndiye kuti anthu atatu anayendetsa nkhani ya m'sitolo mwanga kwa masiku, kapepala kakuwoloka msewu pamaso panga, ine ndili pakhomo kuona nyengo.

Bwana anatulutsa ndalama mu envelopu.

"Izi ndi zanu. Werengani."

"Sindiwerenga za inu, bwana."

"Werengani, madala. Nkhani yonseyi yatiphunzitsa kuona kaye."

Ndinawerenga. Zinali zonse, mpaka zija ndinaonjezera za m'thumba.

"Ndinu munthu wachilungamo," anatero. "Ndinawauza akazi anga kuti anthu ngati inu atsala ochepa. Koma munandisenzetsa katundu. Masiku onsewa ndakhala ndi ndalama za eni m'nyumba, osadziwa ngati ndi zanga kapena zanu. Ine mtima wanga sufuna zotero."

"Sizidzachitikanso."

"Ndikudziwa." Anayang'ana m'mashelefu. "Mundipatse misomali ya mainchesi atatu, kilo imodzi. Ya m'manja ndili nayo."

Ndinayeza, ndinaonjezera pang'ono pamwamba monga ndinkachitira nthawi zonse. Analipira, anatsazika, anawoloka. Ndinaima pakhomo. Kutsidya anali atayamba kale kukweza katundu m'galimoto yawo: matumba a simenti, mapaipi, thanki ya madzi yomangirira pamwamba, zonse zokonzera ukwati. Ndinaona bwana akutulutsa khadi, wa kutsidya akulandira ndi manja awiri. Makina ake anatulutsa lisiti nthawi yomweyo. Amagwiritsa netiweki yomweyi imene ndimagwiritsa ine. Tsiku limenelo inangomukonda.

Madzulo ake anabwera pakhonde panga, manja kumbuyo.

"Akulu, zatha bwino, eti?"

"Zatha."

"Ine sindinawaitane bwana aja. Anabwera okha."

"Sindinakufunse."

"Mukafuna ndidzakuonetseni zina za m'makinamo. Muli zambiri."

"Mayi akudziwa."

Anaima pang'ono, kenaka anapita. Sananame, sanandibere, sananene choipa chilichonse za ine. Ndafufuza mlandu woti ndimupatse, mpaka lero sindinaupeze, ndipo chimenechi chimandipweteka kuposa zonse.

M'mawa mwake ndinakhoma msomali wachiwiri pathabwa, pambali pa woyamba. Umenewo ndi wa mapepala olephera. Makina akachedwa tsopano ndimauza wogula kuti aime kaye, ndimaona malonda omaliza ndisanabwereze. Foni yake ikalira kawiri ndimatulutsa mndandanda, ndimamuonetsa mzere umodzi, ndimamupatsa kapepala kolephera nditakopera zake m'buku, n'kumuuza kuti akaone sitetimenti ku banki yake. Dilowa sinditsegula. Podina pake anandionetsa mkazi wanga, titatseka chitseko. Kumene anaphunzira iye sitikambirana.

Bwana amabwerabe. Ku ukwati anatiitana tonse awiri, ine ndi wa kutsidya, n'kutikhazika tebulo limodzi. Nyumba inkawala ndi penti wanga. Akafuna loko, burashi kapena misomali amawolokera kwa ine ndi ya m'manja, ndipo amafunsabe za ana. Katundu wa khadi amagula kutsidya. Galimoto amaimika komweko.

Mpando uja ndinauchotsa pafupi ndi kauntala. Pamalo pake ndinaikapo zitini za penti.